Kuwerenga chithunzi cha lipoti la phindu ndi kuluza kuti tipeze maina a maakaunti, chaka chino ndi chaka chapitacho

Nachisale

Moni nonse. Ku ofesi yathu yobwereketsa ndalama timalandira malipoti a phindu ndi kuluza kuchokera kwa amalonda ofuna ngongole, ndipo ambiri amabwera ngati zithunzi zojambulidwa ndi foni. Ntchito imene ndapatsidwa ndi yosandutsa chithunzi chilichonse kukhala tebulo la madanga atatu okha: dzina la akaunti, ndalama za chaka chino, ndi ndalama za chaka chapitacho. Ndikugwiritsa ntchito Tesseract, pulogalamu yowerenga mawu a m'zithunzi, ndipo mawu ndi manambala ambiri akuwerengeka bwino, koma vuto lili pa kuika nambala iliyonse m'danga lake. Lipoti limene ndili nalo pano, lomwe ndasintha manambala ake kuti mwini wake asadziwike, likuoneka motere pa pepala:

```
                      Note      2024       2023
                               K'000      K'000
Revenue                  4   184,250    131,900
Cost of sales            5  (121,730)   (88,415)
Gross profit                  62,520     43,485
Other income             6     3,110          -
Administrative expenses  7   (28,640)   (21,075)
Selling and distribution
expenses                 8    (9,305)    (7,260)
Finance costs            9    (6,180)    (2,940)
Profit before tax             21,505     12,210
```

Zimene zikutuluka pa mzere wa Other income ndi zakuti chaka chino kunalowa 6 ndipo chaka chapitacho kunalowa 3,110, zomwe n'zosiyana kotheratu ndi zolembedwa pa pepala. Ndikupempha amene anachitapo ntchito yotere andiunikire njira yodalirika.

Mbewe

A Nachisale, ine ndimachita chonchi ndipo zimandiyendera. Muuzeni Tesseract kuti atenge tsamba lonse ngati chigawo chimodzi cha mawu komanso kuti asunge mipata ya pakati pa mawu, kenako pa mzere uliwonse tengani manambala awiri omalizira. Woyamba mwa awiriwo ndi wa chaka chino, wachiwiri ndi wa chaka chapitacho, ndipo zonse zotsala kumanzere ndi dzina la akaunti.

```
tesseract tsamba.png tsamba --psm 6 -c preserve_interword_spaces=1
```

Malipoti a ndalama amalembedwa mofanana kulikonse, chaka chatsopano kumanzere ndi chakale kumanja, choncho simufunikira zambiri kuposa pamenepa.

Nachisale

Zikomo a Mbewe. Njira yotenga manambala awiri omalizirayo ndi imene ndikugwiritsa ntchito kale, ndipo ndi imene yabala 6 uja.

Gama

A Mbewe akulondola pa `--psm 6`, chifukwa mukasiya Tesseract kuti adzigawire yekha tsambalo, nthawi zina amaona madanga a manambala ngati zigawo zapadera n'kuwalemba pansi pa maina onse, osati pambali pa dzina lililonse. Koma lamulo la manambala awiri omalizira limangogwira ntchito pa mzere umene uli ndi manambala onse awiri. Pa Other income, chaka cha 2023 chili ndi kamzere kosonyeza kuti panalibe kanthu, ndipo kamzereko mwina sikanawerengedwe kapena pulogalamu yanu sinakatenge ngati nambala. Zimene zinatsala pa mzerewo ndi 6 ndi 3,110, ndipo pulogalamuyo inachita ndendende zimene munaiuza: inatenga nambala ya Note kukhala ndalama za 2024, n'kukankhira ndalama za 2024 ku 2023.

Gwero la vuto ndi lakuti mukuwerenga manambala mwa kundandalikana kwawo, pamene munthu akamawerenga lipoti amadziwa chaka cha nambala poona malo amene yakhala pa tsamba. Malo amenewo Tesseract amawadziwa, koma amawataya mukamupempha mawu okha. Mupempheni motere:

```
tesseract tsamba.png tsamba --psm 6 tsv
```

Mupeza fayilo ya `tsamba.tsv` imene liwu lililonse lili ndi mzere wakewake, ndipo pambali pake pali `left`, `top`, `width`, `height`, `conf` ndi `text`. Mizere imene `level` yake ndi 5 ndiyo ya mawu enieni. Chimene chikufunika kwambiri kwa inu ndi kuwonkhetsa `left` ndi `width`, chifukwa zimenezi zimakupatsani pamene liwu lathera kumanja.

Ndikunena za kumanja chifukwa manambala a m'malipoti amayalidwa molingana ku mbali imeneyo. Taonani danga la 2024: 184,250 ndi 3,110 akuyambira malo osiyana kwambiri, koma akuthera pamodzi. Mukagawa madanga poona pamene nambala yayambira, nambala yaitali ya 2023 imatha kuyambira pafupi ndi pamene nambala ya 2024 yathera, ndipo malire amasokonekera. Mukagawa poona pamene yathera, mupeza magulu atatu otalikirana bwino. Mwachitsanzo, tsamba la A4 losikanidwa pa 300 dpi limakhala ndi mapikiselo 2480 m'mimba mwake. Tiyerekeze kuti manambala a Note akuthera cha pa 1500, a 2024 cha pa 1900, ndipo a 2023 cha pa 2300. Malire anu muwaike pakati pa magulu amenewa, pa 1700 ndi pa 2100.

```python
mapeto = left + width
if mapeto < 1700:
    danga = "note"
elif mapeto < 2100:
    danga = "2024"
else:
    danga = "2023"
```

Ndi lamulo limeneli 3,110 akhala ku 2024 kaya kamzere kaja kawerengedwa kapena ayi. Mudzaona kuti manambala a m'mabulaketi akuthera patsogolo pang'ono kuposa anzawo, chifukwa bulaketi yotsekera imatulukira kunja kwa mzere wa manambala, koma kusiyana kwakeko n'kochepa poyerekeza ndi mpata wa pakati pa madanga. Chenjezo langa ndi lakuti 1700 ndi 2100 musawalembe ngati okhazikika, popeza chithunzi chilichonse chili ndi kukula kwake. Pulogalamu iziwapeza yokha pa tsamba lililonse, posanja mapeto a manambala onse kuyambira wamng'ono n'kudula pamene pali mipata ikuluikulu.

Che Jafali

Ine ndikuona kuti bizinesi imeneyi ikuyenda bwino ndithu, chifukwa malonda akwera kuchoka pa 131,900 kufika pa 184,250, ngakhale kuti chiwongoladzanja chimene akulipira chawirikiza kuposa kawiri. Musanawabwereke muwafunse za ngongole zina zimene ali nazo. Pa za chithunzizo, mu Excel muli malo olembedwa Data, ndipo pansi pake pali From Picture. Mukaika chithunzi pamenepo tebulo limatuluka lokha popanda kulemba pulogalamu iliyonse.

Nachisale

Che Jafali, zikomo, ngakhale kuti kuunika bizinesiyo ndi ntchito ya anzanga ena, ine yanga ndi kuwapatsa manambala olondola. From Picture imandithandiza tsamba likakhala limodzi komanso loyera, popeza imandipatsa mwayi wokonza malo amene ikukayikira ndisanalowetse tebulo. Koma imatulutsa tebulo monga mmene lilili pa pepala, Note ndi mitu yomwe, ndipo kulisandutsa madanga atatu ofanana pa malipoti onse kumatsalabe m'manja mwanga. A Gama, mfundo ya mapeto a kumanja ndaimva. Nanga mzere wa Selling and distribution expenses, umene dzina lake lagawika pa mizere iwiri, ndiuchite bwanji? Panopa ndikupeza akaunti imodzi yopanda ndalama, ndi ina yotchedwa expenses yokha.

Gama

Pamenepo palibe lamulo limodzi lokwanira, chifukwa mzere wopanda manambala ungakhale zinthu ziwiri. Ungakhale mutu wa gulu la maakaunti, monga Operating expenses, kapena ungakhale chiyambi cha dzina lalitali limene likupitirira pansi. Chizindikiro chimene chimandithandiza kawirikawiri ndi chilembo choyamba cha mzere wotsatira. Ngati mzere wopanda manambala watsatiridwa ndi mzere woyamba ndi chilembo chaching'ono, monga expenses wanuyo, ndimawalumikiza kukhala dzina limodzi. Ndimawalumikizanso ngati woyambayo wathera pa mawu monga and, of kapena from. Ngati wotsatirayo wayamba ndi chilembo chachikulu, ndimautenga woyambayo ngati mutu, ndipo sindiutaya koma ndimausunga m'danga lachinayi, chifukwa dzina ngati Other kapena Interest lilibe tanthauzo popanda kudziwa gulu limene lili.

Lamuloli limalephera pa malipoti olembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Palinso olemba ena amene amaika manambala pa mzere woyamba wa dzina, chotsala cha dzinalo n'kugwera pansi chopanda manambala, ndipo pamenepo kulumikiza kuyenera kupita m'mwamba. Ine ndimaona kaye dzina limodzi logawika pa tsambalo kuti ndidziwe chizolowezi cha wolemba, popeza munthu mmodzi sasinthasintha kalembedwe m'kati mwa tsamba limodzi.

Mayi Nyirenda

Ine za mapulogalamu sindilankhulapo, koma malipoti otere ndawakonza ndi kuwaunika kwa zaka zambiri, ndipo ndikufuna kutsutsa mawu a Mbewe akuti chaka chatsopano chimakhala kumanzere nthawi zonse. N'zoona kuti ndi chizolowezi cha malipoti ambiri ounikidwa ndi maodita. Koma muyezo wa padziko lonse wa kalembedwe ka malipoti a ndalama wotchedwa IAS 1 umangofuna kuti pakhale manambala a nyengo yapitayo oyerekezera, sulamula mbali imene akhale. Malipoti amene amalonda amadzikonzera okha pa Excel nthawi zambiri amayamba ndi chaka chakale n'kumapita kumanja, monga mmene kalendala imayendera. Ena amaika Budget pakati, ena amawonjezera danga la kusintha kwa maperesenti kumapeto. Mukaona zidule za malipoti a makampani a pa Malawi Stock Exchange zimene zimasindikizidwa m'nyuzipepala, ambiri amakhala ndi madanga anayi, awiri pansi pa Consolidated ndi awiri pansi pa Separate, ndipo amene angatenge manambala awiri omalizira pamenepo watenga a kampani yaikulu yokha, osati a gulu lonse.

Choncho mwana wanga Nachisale, usanawerenge akaunti iliyonse, werenga kaye mutu wa tsamba. Upeze zaka zimene zalembedwa pamwamba pa danga lililonse, uziyerekeze, ndipo chachikulu ndicho cha nyengo ino posatengera mbali imene chili. Uwerengenso mzere wa pansi pake. Lipoti lakolo likunena K'000, kutanthauza kuti Revenue ndi K184,250,000, osati K184,250. Makampani akuluakulu amalemba m'mamiliyoni. Tebulo lako likasakaniza malipoti a makwacha athunthu ndi a m'masauzande popanda kusonyeza, wounika ngongole adzaona sitolo yaing'ono ngati yaikulu kuposa kampani yogula mbewu m'maboma atatu.

Mbewe

Mayi Nyirenda, za madanga anayizo ndavomera, popeza malipoti amene ndimawerenga ine amachokera ku pulogalamu imodzi ndipo sasintha maonekedwe. Koma ndikukhulupirira kuti kusinthana kwa zaka kungagwidwe mosavuta powonkhetsa manambala, chifukwa chilichonse cholakwika chimaonekera pa chiwonkhetso.

Mayi Nyirenda

Ayi bambo, chimenecho ndicho cholakwika chimene kuwonkhetsa sikungagwire. Mukasinthanitsa madanga onse awiri kuyambira pamwamba mpaka pansi, danga lililonse limawonkhetsekabe bwino lomwe, chifukwa manambala ake sanasokonezeke, mutu wokha ndi umene wanama. Bizinesi imene phindu lake lakwera kuchoka pa 12,210 kufika pa 21,505 idzaoneka ngati yatsika, ndipo masamu onse adzavomereza. N'chimodzimodzi ndi K'000 yoiwalika.

Kupatula ziwirizi, kuwonkhetsa ndiye mlonda wamkulu wa ntchito imeneyi, ndipo ndikufuna ndikusonyeze, Nachisale, mmene kusiyana kwa chiwonkhetso kumalozera pamene pali vuto, pogwiritsa ntchito lipoti lako lomweli. Mizere ya Gross profit ndi Profit before tax si maakaunti ngati enawo, ndi ziwonkhetso, choncho uiike chizindikiro kuti isawonkhetsedwe kawiri, koma usaitaye. Mu 2024, 184,250 kuchotsa 121,730 ndi 62,520, zomwe zikugwirizana ndi pepala. Kuchokera pamenepo, kuwonjezera 3,110 ndi kuchotsa 28,640, 9,305 ndi 6,180 kukupereka 21,505, ndipo zikugwirizananso.

Tsopano taona zimene zikanachitika ndi vuto lako loyamba lija. Ndi 6 m'malo mwa 3,110, danga la 2024 likanapereka 18,401, kuperewera ndi 3,104. Danga la 2023 likanapereka 15,320 m'malo mwa 12,210, kupyola ndi 3,110 ndendende. Kusiyana kukafanana ndi nambala ina imene ili pa tsamba, ndiye kuti nambala imeneyo yalowa m'danga lolakwika kapena yasowa, ndipo madanga onse awiri akalakwika mbali zosiyana ndi ndalama zoyandikana, ndiye kuti mzere wina wakankhidwa.

Mabulaketi akatayika, chizindikiro chake ndi china. Ngati Finance costs ya 2024 yawerengedwa 6,180 popanda mabulaketi, iwonjezeredwa m'malo mochotsedwa, ndipo chiwonkhetso chako chidzapyola ndi 12,360, komwe ndi 6,180 kawiri. N'chifukwa chake ife owerengera ndalama tikapeza kusiyana timayamba takugawa ndi 2 n'kufufuza yankholo pa tsamba. Pomaliza, nambala imodzi ikawerengedwa molakwika, kusiyana kumakhala nambala imodzi yotsatiridwa ndi maziro. Cost of sales ya 2023 ikawerengedwa 83,415 m'malo mwa 88,415, Gross profit ipyola ndi 5,000, ndipo maziro atatuwo akukuuza kuti uyang'ane pa malo a masauzande. Chifukwa choti vutolo laonekera pa Gross profit, mizere yofufuza ndi iwiri yokha.

Uvomereze kusiyana kwa 1 kapena 2 pa malipoti a m'masauzande, chifukwa kumabwera ndi kuzunguliza manambala. Choposa pamenepo chibwerere kwa munthu kuti aone chithunzi ndi maso.

Gama

Zimene Mayi Nyirenda afotokoza ndi zodalirika kuposa `conf` ya Tesseract. Nambala imeneyo, yoyambira 0 kufika 100, imasonyeza mmene pulogalamu ikudzidalirira pa liwu lililonse, ndipo imathandiza posankha malo oyamba kuwayang'ana, koma ndaonapo 8 wowerengedwa 3 ali ndi `conf` yokwera. Ndiwonjezere cholakwika chimodzi cha mtundu wa nambala imodzi ndi maziro chimene chimabwera ndi mabulaketi. Bulaketi yotsegulira ikakhala yoonda kapena yofufutika imawerengedwa ngati 1, moti (9,305) amatuluka `19,305)`. Pulogalamu imene imangochotsa zizindikiro zonse n'kusiya manambala idzalandira 19,305 popanda kudandaula. Ine ndimafuna kuti mabulaketi akhale onse awiri kapena pasakhale ngakhale imodzi, ndipo liwu lililonse lokhala ndi bulaketi imodzi yokha ndimaliika pambali. Ndimafunanso kuti pambuyo pa mpatuliro uliwonse pakhale manambala atatu ndendende. Mpatuliro wowerengedwa ngati mpumiro, monga `62.520`, ndimaukonza pokhapokha ngati lipotilo lilibe matambala pena paliponse.

Pali malipoti ena, makamaka ochokera ku South Africa, amene amasiyanitsa masauzande ndi mpata m'malo mwa mpatuliro, monga 184 250. Tesseract amapereka zimenezo ngati mawu awiri, choncho muyenera kulumikiza zidutswa zoyandikana kwambiri musanayese mapeto ake. Mukapanda kutero, 184 amagwera yekha m'danga, mwina la Note.

Naphiri

Ndiloleni ndibweretse nkhani yanga, ngakhale kuti mwina ikupatuka pang'ono. Ndinkasonkhanitsa malipoti a bungwe lina limene limatsatira chaka cha ndalama cha boma, ndipo manambala onse anawerengeka bwino, ziwonkhetso zonse zikugwirizana, koma ndalama zolowa zinkaoneka kuti zakwera kwambiri popanda chifukwa chooneka. Boma la Malawi litasintha chaka chake cha ndalama kuti chiziyamba pa 1 Epulo, chaka cha 2021/22 chinali cha miyezi 9 yokha, kuyambira Julaye 2021 kufika Malichi 2022. Pa lipotilo, danga limodzi linali la miyezi 12 ndipo linalo la miyezi 9, ndipo zimenezi zinalembedwa ndi timalemba ting'onoting'ono pamwamba pa chaka. Funso langa ndi lakuti, kodi tebulo la madanga atatu okha lingasunge bwanji chinthu chotere?

Mayi Nyirenda

Simunapatuke konse, a Naphiri. Silingasunge, ndipo n'chifukwa chake ndikuti tebulo lililonse liyende ndi kamutu kake kosiyana ndi mizere ya maakaunti: tsiku limene nyengo iliyonse yathera, miyezi imene ili m'nyengoyo, mtundu wa ndalama, ndi ngati zili m'masauzande kapena m'mamiliyoni. IAS 1 imalamula kuti nyengo ikakhala yaitali kapena yaifupi kuposa chaka, okonza lipoti anene chifukwa chake komanso kuti manambalawo sakuyerekezeka kwathunthu. Mawu ena oyenera kusungidwa ndi Restated, amene amalembedwa pamwamba pa danga la chaka chapitacho ngati manambala ake akonzedwanso.

Zimenezi zikukhudza njira ina yabwino yotsimikizira imene Nachisale angagwiritse ntchito ngati wobwereka yemweyo anabweretsa lipoti chaka chatha. Danga la 2023 la lipoti latsopano liyenera kufanana ndi danga la 2023 la lipoti lakale, ndipo njira imeneyi imagwiranso kusinthana kwa zaka kumene kuwonkhetsa kumalephera. Akasiyana ndipo palibe mawu a Restated, ndiye kuti mwina chithunzi chawerengedwa molakwika, kapena pali funso loyenera kufunsidwa kwa mwini bizinesiyo.

Mbewe

Ine ndili ndi njira ina imene ndikuona kuti ingachepetse zolakwika za manambala. Dulani chithunzicho m'zigawo zitatu zotsika, maina paokha, 2024 paokha, 2023 paokha, ndipo pa zigawo za manambala muuzeni Tesseract kuti alandire zizindikiro izi zokha:

```
-c tessedit_char_whitelist="0123456789,.()-"
```

Mukatero sangalembenso chilembo O m'malo mwa ziro kapena S m'malo mwa 5. Kenako mungolumikiza mzere woyamba wa maina ndi mzere woyamba wa manambala, wachiwiri ndi wachiwiri, mpaka pansi.

Gama

Kudulako ndi kuletsa zilembo kuli bwino, a Mbewe, bola mtundu wa Tesseract ukhale 4.1 kapena woposerapo, chifukwa pa 4.0 lamulo limenelo silinkatsatiridwa ndi njira yatsopano yowerengera. Koma kulumikiza poyambira mzere woyamba kubwezeretsa vuto lomwe lija, ulendo uno chotsika. Lipoti la a Nachisale lili ndi mizere 9 ya maina, chifukwa dzina limodzi lagawika, mizere 8 ya manambala mu 2024, ndipo 7 mu 2023 ngati kamzere kaja kasowa. Lumikizani poona `top` ya liwu lililonse, osati powerenga mizere.

Pamenepa ndiye pamafunika chithunzi chowongoka. Pepala likapendekeka ndi digiri imodzi yokha, nambala imene ili pa mtunda wa mapikiselo 2000 kuchokera pa dzina lake imatsika kapena kukwera ndi mapikiselo pafupifupi 35. Pa 300 dpi, mizere ya malemba wamba imatalikirana ndi mapikiselo pafupifupi 50. Choncho nambala ya 2023 imakhala pafupi ndi dzina la mzere wotsatira kuposa dzina lake lenileni, ngakhale kuti diso la munthu silikuona kupendekeka kulikonse kodetsa nkhawa. Choopsa chake n'chakuti danga lonse likasuntha ndi mzere umodzi, manambala onse amakhalapobe, koma aliyense ali pa akaunti ya mnzake. Ndimawongola kaye ndi ImageMagick:

```
magick tsamba.jpg -colorspace Gray -deskew 40% tsamba.png
```

Lamuloli limakonza kupendekeka kokha. Silikonza chithunzi chojambulidwa cham'mbali, chimene pamwamba pa tsamba pamaoneka popapatiza kuposa pansi, ndiponso silikonza pepala lopindika pafupi ndi pomangira. Pa chithunzi chotere madanga amatsika mopendama, ndipo malire amodzi sagwira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Nthawi zambiri kupempha chithunzi china n'kwapafupi kuposa kukonza chimenecho. Muwauze ayale pepala pa tebulo, foni ikhale pamwamba penipeni, mthunzi wa dzanja usagwere pa manambala, ndipo potumiza pa WhatsApp asankhe Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa njira yawamba chimachepetsedwa, ndipo zoyamba kufufutika ndi mipatuliro, timizere ndi mabulaketi.

Che Jafali

Ngati n'zotheka kuwapempha chithunzi china, bwanji osangowapempha fayilo ya Excel kapena PDF imene anasindikizira pepalalo?

Nachisale

Timapempha, Che Jafali, ndipo amene ali nayo amatumiza. Ambiri ali ndi pepala lokha losainidwa limene anapatsidwa ndi wowakonzera mabuku. Ndagwiritsa ntchito mapeto a kumanja ndi `top` pa lipoti lija litawongoledwa, ndipo madanga onse awiri tsopano akufika pa 21,505 ndi 12,210. Kwanditsalira mafunso awiri. Loyamba, pa Other income ya 2023 ndilembe ziro kapena ndisiye popanda kanthu? Lachiwiri, malipoti ena salemba mabulaketi pa ndalama zotuluka, amangolemba Less pamwamba kapena mutu wa Expenses. Kodi ndizisandutse zochotsera kuti malipoti onse afanane?

Mayi Nyirenda

Kamzere m'lipoti la ndalama ndi ziro, lemba ziro. Pa funso lachiwiri, ine ndikuti lemba monga mmene pepala lalembera. Ntchito yako ndi kukopera, ndipo tsiku limene wina adzayerekeze tebulo lako ndi pepala losainidwa ayenera kupeza zofanana. Ukayamba kusintha zizindikiro potengera mutu, udzalakwitsa pa mzere ngati wa kusintha kwa mtengo wa ndalama zakunja, umene chaka china umakhala phindu ndipo chaka china kuluza, monga zinachitikira ambiri kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Pansi pa mutu wa Expenses wopanda mabulaketi, nambala ya m'mabulaketi imatanthauza ndalama zobwerera, osati zotuluka.

Gama

Pa kamzere ndikugwirizana nanu, Mayi, pokhapokha ngati kamzereko kawerengedwadi. Ngati pulogalamu sinapeze kalikonse pamalopo, sitikudziwa ngati panali kamzere kapena nambala yophimbidwa ndi kuwala, choncho ndimasiya popanda kanthu mpaka chiwonkhetso cha danga limenelo chitagwirizana, ndipo pamenepo ndimalemba ziro. Pa zizindikiro ndikusiyana nanu pang'ono. Tebulo limene ndalama zotuluka zili zochotsera pa lipoti lina ndi zowonjezera pa lipoti lina silingawonkhetsedwe ndi lamulo limodzi. Ine ndimasunga zonse ziwiri, mawu enieni monga awerengedwera, ndi nambala yoikidwa chizindikiro. Chizindikirocho sindichitenga pa mutu wokha. Ndimayesa kaye kuwonkhetsa manambala monga alili, ndipo zikakana ndimatembenuza zizindikiro za gulu lonse la Expenses n'kuyesanso, ndipo njira imene yafika pa chiwonkhetso cha pa pepala m'madanga onse awiri ndiyo imene ndimaitenga. Mzere wa ndalama zakunja mwatchulawo umatembenuka limodzi ndi anzake ndipo umatuluka bwino.

Mayi Nyirenda

Ngati mawu enieniwo akusungidwa pambali, sindikana kwambiri, koma amene alandire tebulolo auzidwe danga limene ndi la pa pepala ndi limene ndi lokonzedwa. Nkhawa yanga yatsala pa malipoti ambiri a amalonda ang'onoang'ono amene ziwonkhetso zawo n'zolakwika pa pepala pomwepo. Pamenepo njira zanu zonse ziwiri zikana, ndipo pulogalamu siingadziwe ngati walakwa ndi wowerenga kapena wolemba.

Nachisale

Lipoti lotere ndili nalo kale pakati pa amene afika sabata ino. Ndayerekeza nambala iliyonse ndi chithunzi, zonse zikufanana, koma Total expenses ya chaka chapitacho ikuperewera ndi 1,450, ndipo pa tsambalo palibe 1,450 kapena 725. Ndalisiya monga lilili ndi chizindikiro chakuti siligwirizana, ndipo ndapempha mwini wake masamba a Notes kuti tione ngati pali akaunti imene inasiyidwa posindikiza. A Gama, mukakhala ndi mpata mundisonyeze mmene mumapezera mipata ya pakati pa madanga pa lipoti la madanga anayi, makamaka pamene danga limodzi lili ndi timizere tambiri kuposa manambala.